MASIKU ANAI KAPENA ASANU: MALIPIRO AWERENGEDWE PA OLA

Munthu wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene analembedwa nchito kwa wocheka matabwa, kwa womanga nyumba, kapena pa shedi yogulira mbeu, akhoza kuuzidwa tsiku lina ndi kapitao kuti kagwiridwe kasintha. M'malo mobwera masiku asanu ndi kugwira maola 8 pa tsiku, azibwera masiku anai okha, Lolemba kufikira Lacinai, nagwira maola 10 pa tsiku, ndipo Lacisanu likhale lace. Maola a pa mlungu akhala omwewo, 40. Funso limene munthu wotere apita nalo kunyumba ndi limodzi: kodi ndalama za pa mlungu zidzacepa, zidzaculuka, kapena zidzakhala monga kale?

Yankho loyamba ndi lapafupi. Ngati munthu alipidwa pa ola, palibe cimene cisintha. Mwacitsanzo, wolandira K10 pa ola akagwira maola 8 masiku asanu alandira K400, ndipo akagwira maola 10 masiku anai alandiranso K400. Olemba nchito ambiri athera pomwepo pofotokoza, ndipo sananame. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali malo angapo pamene anthu awiriwa, wa masiku anai ndi wa masiku asanu, asiyana ndithu m'thumba ngakhale maola ao ali ofanana, ndipo malowo ayenera kudziwika munthu asanabvomere.

Bvuto lalikulu koposa liri pa mau akuti "pa tsiku". Anthu a m'dziko lino anazolowera kuwerenga nchito ndi masiku, osati ndi maola. Okalamba amene anagwira m'mafamu a fodya a ku Fort Jameson kapena kum'mwera kwa Zambezi nthawi ya atsamunda akumbukira tikiti ya masiku 30, imene kalaliki anali kuconga tsiku ndi tsiku kufikira itadzaza. Cizolowezico cikalipo. Munthu akafunsidwa malipiro ace ayankha kuti, "Ndilandira K80 pa tsiku," ndipo saganizira kuti K80 imeneyo ndi mtengo wa maola 8. Tsono ngati masiku acepetsedwa kukhala anai, koma kalaliki napitiriza kulemba K80 pa tsiku liri lonse, munthuyo alandira K320 pa mlungu m'malo mwa K400, pamene thukuta lace liri lomwelo la maola 40. Ola lace latsika kucoka pa K10 kufika pa K8 popanda wina kumuuza kuti malipiro adulidwa. Pa milungu inai wataya K320, ndiko kuti wagwira mlungu wathunthu wa mtengo watsopanowo kwaulere. Mtengo woyenera wa tsiku la maola 10 pa citsanzo ici ndi K100, ndipo wolemba nchito amene akana kukweza mtengo wa tsiku, pamene watalikitsa tsikulo, sanapatse munthu Lacisanu ai: wamugulitsa Lacisanulo pa mtengo wa K80.

Njira yodziwira ngati cinyengoci cacitika siifuna sukulu yaikulu. Munthu atenge ndalama zonse za mlungu nazigawe ndi maola onse a mlungu. Cimene cituluka cikhale cofanana ndi cimene cinali kutuluka kale. Cikacepa, malipiro adulidwa, kaya kapitao akane motani.

Pali ena amene aganiza mosiyana, nayembekeza kuti masiku anai adzawalemeretsa. Iwo amva kuti tsiku la nchito ndi maola 8, motero ayesa kuti ola lacisanu ndi cinai ndi ola lakhumi adzawerengedwa monga ovataimu. Cikadatero, wa K10 pa ola akadalandira K15 pa maola awiri otsirizawo, ndipo mlungu wace ukadafika K440. Ciyembekezo cimeneci ciyenera kuyesedwa ndi lamulo. Lamulo la Employment Code Act, nambala 3 la caka ca 2019, linena kuti tsiku la masiku onse la wanchito ndi maola 8. Koma lilolanso kuti wolemba nchito, wanchito atabvomera, apitirize maola a pa tsiku popanda malipiro oonjezera, malinga maola a mlungu wonse asapitirire 48. Ovataimu, imene ndi mtengo wa ola ndi theka lace, iyamba maola a mlungu akapyola 48, ndipo kwa mlonda akapyola 60. Cotero munthu wa maola 40 m'masiku anai, amene anabvomera kagwiridwe kameneka, alibe ovataimu pa ola lace lakhumi, pokhapo ngati pangano lace, kapena pangano la bungwe la anchito, linena zoposa pamenepo.

Mau ofunika m'lamuloli ndi akuti wanchito atabvomera. Kusintha kotere sikuli ngati belu limene kapitao angoliza. Kubvomera ndico cinthu cimodzi cimene wanchito ali naco m'manja, ndipo acigwiritse nchito pa nthawi yace, asanayambe mlungu woyamba wa maola 10, pakuti pambuyo pace kudzanenedwa kuti anabvomera ndi miyendo yace.

Cimene ayenera kufunsa coyamba pa nthawiyo ndi nkhani ya Lacisanu. Makina oceka akalandira oda yaikulu, kapena malole a cimanga akaculuka pa shedi, adzaitanidwa Lacisanu ndi amene ali panyumba. Akagwira maola 8 tsikulo, mlungu wace ufika maola 48 ndendende, osapyola, motero lamulo silikakamiza ovataimu. Wolipidwa pa ola adzalandirabe K80 yace ya maolawo pa mtengo wamba. Koma wolipidwa pa mwezi ali pa ngozi yoposa. Lamulo, pofuna kupeza mtengo wa ola, ligawa malipiro a mwezi ndi maola 208, ndipo 208 imeneyi icokera pa mlungu wa maola 48: maola 48 kucurukitsa ndi milungu 52 ya caka, kugawa ndi miyezi 12. Wolemba nchito akhoza kunena tsono kuti malipiro a mwezi analipira kale maola 48, ndi kuti Lacisanu la maola 8 liri m'kati momwemo. Ngati pangano silinalembe kuti mlungu wa munthuyo ndi maola 40, mkangano umenewu ndi wobvuta kupambana. Lamulo lipatsa malipiro owirikiza kawiri kwa wogwira pa holide kapena pa tsiku lace lopumula la pa mlungu, pamene masikuwo sali mbali ya mlungu wace wa masiku onse. Wanzeru aonetsetse kuti pangano lachula poyera mtengo wa Lacisanu, kuti tsikulo likafika pasakhale kutanthauzira kuwiri.

Nambala ya 208 iphunzitsanso cina. Anthu ambiri a m'masitolo, m'zigayo ndi m'nchito zomanga sagwira maola 40 koma 48. Kwa iwo masiku asanu atanthauza maola 9 ndi mphindi 36 pa tsiku, ndipo masiku anai atanthauza maola 12 pa tsiku. Lamulo la malipiro ocepetsetsa limene linayamba kugwira nchito pa 1 Januwale 2024 linaika K1,487 pa mwezi kwa wanchito wamba wa gulu loyamba, ndipo kugawa ndi 208 kupatsa pafupifupi K7.15 pa ola, kapena pafupifupi K343 pa mlungu wa maola 48. Ndalama imeneyi ikhala yomweyo kaya maolawo agawidwa m'masiku anai, asanu kapena asanu ndi limodzi. Pamwamba pace lamulolo linaika K446.10 ya nyumba, K200 ya ulendo ndi K180 ya cakudya ca masana, zonse pamodzi K2,313.10. Zoonjezerazi zinachulidwa pa mwezi, osati pa tsiku, motero wolemba nchito wofuna kudulako gawo cifukwa masiku acepa ayenera kufunsidwa pamene wacipeza cilolezoco. Lamulo limeneli silikhudza onse: anchito a Boma, a m'nyumba, a m'masitolo ndi amene malipiro ao apanganidwa ndi bungwe lao ali ndi malamulo kapena mapangano aoao. Koma maola 12 pa tsiku, masiku anai otsatana, pafupi ndi sowo yoceka matabwa kapena pamwamba pa denga, ndi cinthu cimene munthu sayenera kubvomera pa mtengo uli wonse, pakuti cala codulidwa ndi munthu wotopa sicibwezedwa ndi Lacisanu.

Nkhani ya maholide iri ndi mbali ziwiri, ndipo apa wa masiku anai nthawi zina apindula, nthawi zina ataya. Holide ikagwa Lolemba, monga Tsiku la Ngwazi m'mwezi wa Julaye, Tsiku la Alimi m'mwezi wa Ogasiti, kapena Lolemba la Pasaka, wa masiku asanu agwira maola 32 nalandira K400, pamene wa masiku anai agwira maola 30 okha nalandira K400 yomweyo. Izi zicitika ngati holide yace yawerengedwa monga tsiku la maola 10. Kalaliki akaiwerenga monga maola 8, cifukwa buku lace linazolowera tero, munthuyo alandira K300 ya masiku atatu ndi K80 ya holide, ndiyo K380, ndipo K20 yasowa. Holide ikagwa Lacisanu zinthu zitembenuka. Lacisanu Loyera ligwa tsikulo caka ciri conse, ndipo m'caka ca 2025 tsiku la Ufulu, 24 Okutobala, linagwanso Lacisanu. Pa mlungu wotere wa masiku asanu agwira maola 32, wa masiku anai agwira maola ace onse 40, ndipo onse awiri alandira K400. Popeza maholide ogwa Lolemba ndi oculuka kuposa ogwa Lacisanu, wosankha tsiku lace lokhala panyumba acita bwino kusankha Lacisanu. Wosankha Lolemba apatsa wolemba nchito maholide atatu caka ciri conse.

Kujomba nako kusintha mtengo. Tsiku limodzi la wa masiku asanu ndi gawo limodzi mwa asanu a mlungu wace, K80. Tsiku limodzi la wa masiku anai ndi gawo limodzi mwa anai, K100. Kumudzi munthu sasankha tsiku la maliro. Lamulo la 2019 lipatsa masiku a cifundo olipidwa pa imfa ya mkazi kapena mwamuna, kholo, mwana kapena womudalira, koma maliro a mnansi wa m'mudzi, kumene mwamuna ali yense ayembekezeka kukakumba manda, sali m'gulu limenelo. Maliro otere akagwa Laciwiri, wa masiku anai ataya zoposa mnzace. Akagwa Lacisanu, sataya kanthu. Cimodzimodzi ndi mvula kwa oumba njerwa ndi okonza miseu amene salipidwa nchito ikaima: tsiku limodzi la mvula licotsa maola 10 m'malo mwa 8.

Kufikira pano nkhani yonse yakhala ya ndalama zimene zilowa. Za ndalama zotuluka, wa masiku anai ndiye ali patsogolo, ndipo ici ndico cikoka ambiri. Boma la Petauke liri patali pang'ono ndi mseu waukulu wa Great East, ndipo anchito ambiri a kumeneko ndi a ku Nyimba acokera m'midzi yozungulira. Munthu wolipira K15 pa njinga yamoto popita ndi K15 pobwera aononga K150 pa masiku asanu, koma K120 pa masiku anai. Pa K400 yace, wina atsala ndi K250, wina K280. Kusiyana kwa K30 pa mlungu si kocepa kwa munthu wa malipiro otere. Koma wopalasa njinga yaceyace, kapena woyenda pansi, sapulumutsa ndalama yooneka, ndipo iye ndiye amene tsiku lalitali limupweteka koposa.

Cifukwa cace ndi dzuwa. Lamulo lipatsa wanchito ola limodzi la cakudya, ndiponso mphindi 20 za kupuma. Ngati ola la cakudya siliwerengedwa m'maola olipidwa, tsiku la maola 10 lisanduka maola 11 pamalo a nchito. Woyamba 07:00 aweruka 18:00. M'mwezi wa Juni dzuwa ku Petauke lilowa ca m'ma 17:30, motero munthu wa ulendo wa ola limodzi anyamuka kunyumba kusanace bwino, nabwerera mdima utagwa, masiku anai otsatana. Kwa mai amene akafika ayenera kutunga madzi ndi kuphika, maola awiri oonjezerawo sacokera pa kupuma kwace koma pa tulo tace. Ndipo m'mwezi wa Okutobala, kumadera otsika a Nyimba oyandikira cigwa ca Luangwa, ola lakhumi la nchito ya manja silifanana ndi ola loyamba. Wolipidwa pa mgwazo, pa thabwa locekedwa kapena pa thumba lonyamulidwa, aone bwino apa. Malipiro ace satsata maola koma zimene manja atulutsa, ndipo ngati manja acedwa m'maola otsiriza, maola 40 a masiku anai akhoza kutulutsa zocepa kuposa maola 40 a masiku asanu. Iye yekha ndiye angadziwe, powerenga matabwa kapena matumba a milungu ingapo ya kagwiridwe kali konse ndi kuyerekeza.

Nanga Lacisanu lenilenilo, mtengo wace ndi wotani? M'tauni yaikulu tsikuli ndi lopumula cabe, koma m'dziko la Ansenga pafupifupi wanchito ali yense alinso mlimi. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene udzu uthamangitsana ndi cimanga ndi nshawa, tsiku lathunthu m'munda lilowa m'malo mwa ganyu amene akadalipidwa, ndipo munda wopaliridwa pa nthawi yace ubweza m'nkhokwe zoposa K30 ya ulendo. Amene ali ndi dimba, kapena nthoci zokagulitsa pa mseu wa Nyimba kumene mabasi a ku Chipata ndi ku Lusaka aima, apezanso phindu lomveka. Koma amene alibe munda pafupi, wolipira lendi pa Boma, Lacisanu silimupatsa ngwee, ndipo kwa ena lisanduka tsiku lacitatu la mowa, malipiro nathera pa njira. Pamenepa lamulo liribe mau. Ndi nkhani ya banja. Cimene cioneka poyera ndi cakuti phindu la masiku anai litsata nyengo. Palibe coletsa kuti pangano linene kuti kagwiridwe kameneka kakhale ka miyezi ya dzinja, pamene masana ali atali ndipo munda uitana, ndi kuti m'miyezi yozizira ya masana afupi anthu abwerere ku masiku asanu.

Owerenga amene amva pa wailesi za mlungu wa masiku anai m'maiko a ku Ulaya asasokonezeke, pakuti dzina limodzi libisa zinthu ziwiri. Ku Britain, m'caka ca 2022, makampani 61 anayesa kwa miyezi isanu ndi umodzi kucepetsa maola a anchito popanda kucepetsa malipiro. Pamenepo mtengo wa ola unakwera, ndipo ndi cinthu cina ndithu. Ku Belgium, m'caka comweco, lamulo linalola wanchito kupempha kuti maola ace a mlungu awagwire m'masiku anai, maola omwewo ndi malipiro omwewo. Zimene munthu wa ku Petauke angauzidwe ndi kapitao ndi za mtundu waciwiriwu, ndipo asaziyese kukwezedwa malipiro. Kungaonjezedwe kuti ku Belgium wopempha ndi wanchito, ndipo apempha ndi kalata.

Olemba nchito nawo ali ndi cao copeza, ndipo asamaonetse ngati acita cifundo cokha. Makina ayatsidwa ndi kuzimitsidwa kanai m'malo mwa kasanu, lole yonyamula anthu iyenda maulendo ocepa, ndipo kumene kuphikidwa nsima ya masana mphika ukhala pamoto masiku anai okha. Palibe coipa pa phindu limeneli. Coipa ndi kulitenga pamodzi ndi K80 ya munthu wosadziwa kugawa. Wolemba nchito wolungama alibe cifukwa cokanira kulemba zinthu zinai pa pepala: maola a mlungu, mtengo wa ola, mtengo wa Lacisanu munthu akaitanidwa, ndi maola amene holide iwerengedwa. Maofesala oona za anchito, pamene ayendera malo a nchito m'maboma awiriwa, afunse pepala limenelo pali ponse apeza anthu akugwira maola 10.

Lamulo pa nkhani ya pepala liri kumbali ya wanchito koposa m'mene ambiri adziwira. Pangano la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo liyenera kulembedwa. Ngakhale pangano la pakamwa, wolemba nchito ayenera kusunga colembedwa ca mfundo zace ndi kupatsa wanchito kope lace. Mkangano ukabuka, wolemba nchito nalephera kuonetsa colembedwaco, mau a wanchito alandiridwa monga umboni wa zimene anapangana, pokhapo wolemba nchitoyo atatsimikiza zina. Mau amenewo akhala ndi mphamvu yoposa ngati atsagana ndi kabuku. Kope la mwana wa sukulu likwana: tsiku, ola loyamba, ola loweruka, ndi ndalama zolandiridwa pa mapeto a mlungu. Munthu wa K10 pa ola amene kabuku kace kaonetsa maola 40 ndi K320 apite nako kwa kalaliki mlungu womwewo, ndipo kalaliki akakana, apite nako ku ofesi yoona za anchito milungu isanaculuke.